Mwana Wobereka Yekha

Chaka chomwe ndinali Sitandade 8, amayi anali mlembi wa nthambi ya bungwe la aphunzitsi m'dera lathu, kufupi ndi Malomo. Ndinkakhala desiki imodzi ndi mchemwali wanga, mwana wa amayi aang'ono. Tonse tinkafunitsitsa kusankhidwira ku sekondale yogonera komweko.

Likulu la bungwe litalengeza za sitalaka pa nkhani ya kukwezedwa pantchito, nthambi yathu inakumana kuti ivote. Amayi anabwerako ndi buku la maminitsi, nkulisiya patebulo. Ndinaliwerenga mobisa, ndipo ndime imodzi ndinaikopera m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku.

Analemba chiwerengero cha ovomereza, okana ndi osavota. Pansi pake panali chigamulo: kuyambira Lolemba aphunzitsi azifika pasukulu, azisaina buku la nthawi, koma asaphunzitse kalasi iliyonse, pasukulu kapena kunyumba, kufikira likulu litanena. "Kupatula mwana wake." Pamwamba pa mzerewo anawonjezerapo timawu ting'onoting'ono: "wobereka yekha."

Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mphunzitsi wina anaimirira nkuti, "Kwathu kuno mwana wa mbale wako ndi wako. Mukasiya choncho, mudzi wonse ulowa m'kalasi!" Anthu anaseka, nkukwezanso manja. Amayi anavota kukana, koma anagonja, ndipo analemba zomwe zinagwirizanidwa.

Lolemba masana mchemwali wanga anabwera ndi kope lake la masamu. Amayi anamupatsa mbatata, nkumuuza kuti abwerere. Posakhalitsa amayi aang'ono anatulukira, mpango uli m'manja.

"Achemwali, kodi uyu wasanduka mlendo liti?"

"Si ine, ndi msonkhano."

"Msonkhanowo unagwira cholembera? Si dzanja lanu lomweli linamusambitsa ali khanda?"



Pa msonkhano wotsatira, powerenga maminitsi, amayi anapempha kuti mawu awiri owonjezera aja achotsedwe. Apampando anafunsa ngati analembedwa molakwika. Amayi anati ayi. "Ndiye sitikonza cholondola, amayi," anatero, nkusaina. Ganizo loti avotenso linasowa wolivomereza.

Choncho ine ndinkaphunzira m'nyumba, chitseko chili chotseka. Ndikatuluka ndinkapita kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi khola la ng'ombe, kukamubwerezera mchemwali wanga zomwe ndamva. Koma mawu anga ndi ochepa, ndipo nthawi zina masamu ankandisokonekera. Iye ankandigwira phewa. "Usadandaule, aphunzitsi anga a ndowe kumapazi," ankatero akuseka.

Sitalaka inatha mayeso atayandikira kwambiri. Mayina a osankhidwa atabwera, langa linalipo. Lake tinalifuna kawiri, chala chikutsika papepala.

Sindidziwa ngati masabata amenewo ndiwo anamulepheretsa. Amayinso sadziwa, koma chaka chomwecho anabweza buku la maminitsi.

Tsiku lonyamuka, mchemwali wanga ndiye anandisenzera sutikesi mpaka pokwerera minibasi. M'kabuku kanga tsiku limenelo ndinangolemba deti.