Kalata ya ku banki ya mkamwini wanga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mwana wanga wamkazi amene imamukhudza kwambiri.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, nditasiya ulonda ku Kanjedza. Mwina n'chifukwa chake pepala lililonse lokhala ndi chidindo ndinkaliopa ngati bwana. Komabe a mpingo wathu ku Bangwe anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya zomangamanga.

Chaka chimenecho tinkafuna kufolera tchalitchi mvula isanayambe. Ntchitoyo inagwera mkamwini wanga, amene anali ndi kakampani kowotcherera zitsulo ku Ndirande. Ndalama za malata zinayenera kutumizidwa ku akaunti ya kampaniyo Lachisanu. Zambiri zinali za amayi ogulitsa tomato ndi makala, zosonkha zaka zitatu.

Msungichuma wathu anali mayi wina wopuma pa ntchito ya ukalaliki. Anakana kutumiza kanthu popanda kalata ya banki yotsimikiza kuti akauntiyo ndi ya kampaniyo ndiponso kuti ikugwira ntchito. Lamlungu mkamwini anabwera nayo, koma inali fotokope. Anati yeniyeniyo inatsala ku ofesi ina kumene ankafunsira ntchito. Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali. Dzina linkafanana ndi la pa setifiketi ya kampani, tsiku linali la mwezi wathawo, osaina analipo awiri, chidindo chinaliponso. Kenako anandipatsa ine.

"Bambo mlembi, mupite nayo nokha ku nthambi yalembedwa apayi. Nambala ya foni ili pansiyo musaimbe. Wopeka kalata amaikapo nambala yake yomwe."

Sindinapite. Kwathu mpongozi ndi mkamwini amaopana, sayang'anizana m'maso, ndiye ndikanayamba bwanji kufufuza mapepala ake ngati wapolisi? Lachiwiri ndinaimba nambala yomwe anandiletsa ija. Anayankha mwamuna waulemu, nati kalatayo ndi yawo ndithu. Koma kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva chigayo chikulira. Ndinakhala pakhonde foni ili m'manja, ndikudziuza kuti mwina banki yayandikana ndi chigayo.

Lachitatu pa komiti mayiwo anandifunsa ngati ndinapita. Ndinati eya. Anafunsa kuti ndinaonana ndi ndani. Ndinati mnyamata wina wa tayi. Abusa anathokoza, ndipo tinagwirizana kuti Lachisanu m'mawa mayiwo ndi wapampando akasaine ku banki kuti ndalamazo zipite.

Lachinayi ndinatenga kalata ija. Masana ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ndipo ndinalowa m'bankimo atatsala pang'ono kutseka. Mtsikana wa pa desiki yothandiza makasitomala anatenga pepalalo, nalowa nalo m'kati. Ndinadikira mwina theka la ola. Potuluka anali ndi mkulu wake, amene anandikhazika pambali.

Anandionetsa nambala ya kalata yomwe inali pamwamba. Anati kalata iliyonse imene amalemba imakhala ndi nambala yotere, ndipo kope lake amasunga. Ya nambala imeneyi analembadi, koma zaka ziwiri zapitazo. Mmodzi wa osainawo anachoka pa nthambiyo kalekale. Nambala ya foni sinali yawo. Anandiuza ndiyang'anitsitse pa tsiku: zilembo zake zinali zonenepa pang'ono kuposa zinzake, ndipo m'mbali mwake munali kamzere kosaoneka bwino, pamene munthu anamatapo kapepala asanajambule.

Ndinafunsa ngati akauntiyo ikugwirabe ntchito, komanso ngati ndi ya kampaniyo.

"Zimenezo sitingakuuzeni, agogo, si akaunti yanu. Chimene ndinganene n'chakuti kalata iyi, mmene ililimu, sitinalembe ife. Mwiniwake abwere ndi chiphaso apemphe yatsopano, ilembedwe kupita ku mpingo wanu, ndipo mulandire yeniyeni, osati fotokope. Musatumize kanthu."

Anajambula pepalalo kuti asunge, nalemba dzina langa.

Pobwerera ndinatsika siteji isanakwane, n'kuyenda wapansi. Ndinkaganiza za mwana wanga, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndi za amayi aja amene amakhala padzuwa pamsika. Ndikanena zonse, mpingo upita kupolisi. Ndikakhala chete, ndalama zipita kumene sindikudziwa. Kufunsa mkamwini sindikanatha, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kuchita nazo.

Kutacha ndinalawirira kunyumba kwa msungichuma. Ndinawapeza akusita chovala chopitira ku banki. Ndinawauza kuti asakasaine, a banki akuti kalatayo ndi yakale, pakufunika ina. Za tsiku losinthidwa lija, za chigayo, ndi za bodza langa la Lachitatu sindinatchule. Anaimika simbi, nandifunsa kuti nanga bwanji sindinanene pa komiti. Ndinati ndinaiwala. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kalatayo, ndipo ndinati ndaisiya ku banki. Inali m'thumba la jekete langa, yopindidwa kanayi.