Telala Wanjatidwanso

Mayi Makina agwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa kawailesi ka m'tauni, m'kachipinda kopanda windo, limodzi ndi fani yolira ngati chigayo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, poti mayiwa amadana ndi kugwira ntchito imodzi kawiri. Ndi aulesi anzeru, ndipo anthu otere ine ndimawakonda.

Ndi iwo anatchera kuti podikasiti yawo, nkhani za kukhoti zomvera pa intaneti, izidzilengeza yokha. Zigawo zonse zimakhala pamndandanda wotchedwa RSS, chilichonse ndi nambala yake yochizindikiritsa. Pulogalamu ya pakompyuta imene anakonza imasuzumira mndandandawo pakapita mphindi khumi ndi zisanu, ndipo ikapeza nambala yachilendo imaponya mutu ndi linki patsamba la wailesi la pa intaneti. Mayi Makina amangomwa tiyi.

Lachiwiri lina anasamutsira podikasitiyo ku kampani ina yosunga mafayilo, n'kupita kukadya. Sanadziwe kuti posamukapo nambala zonse zasintha. Pulogalamu, poti ilibe maso, inaona zigawo mazana awiri ngati zatsopano, n'kuyamba kuziponya chimodzichimodzi kuyambira chakale kwambiri.

Atabwerako anapeza mkonzi wa nkhani ataima pakhomo, kukamwa kuli yasa, foni ili m'manja. Pamwamba pa tsamba panali mutu wakuti: Telala wanjatidwa ndi nsalu zakuba. Nkhani ya zaka zinayi zapitazo, koma patsambapo ikuoneka ya lero, ndipo anthu mazana atatu anali ataigawa kale. Mayi Makina anathamangira pakompyuta. Anazimitsa pulogalamuyo nthawi yomweyo, n'kufufuta zonse zimene inaponya. Koma madzi akatayika saoleka: anthu anali atajambula kale tsambalo n'kumatumizirana.

Telalayo ankamudziwa, ndi amene ankawapindira masiketi. Anathamangira kushopu kwake ali ndi manyazi osasimbika. Anamupeza atakhala kumbuyo kwa makina osokera, diresi loyera lili pamiyendo, mapini ali m'kamwa. Linali la mwana wake wamkazi, wokwatiwa Loweruka likudzalo. Anachotsa mapiniwo n'kuwauza mofatsa kuti makolo a mnyamata aimba kale foni kawiri, akuti ayambe aganiza kaye.

Mayi Makina anapepesa, n'kuyamba kufotokoza za nambala zosintha ndi mmene nkhani zakale zinayambira kutuluka motsatana. Telala anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndamva, mayi,” anatero. “Ngati zikutuluka motsatana, palibe kanthu. Paja patapita milungu itatu munaulutsa kuti khoti landipeza wosalakwa. Ndawauza makolo a mnyamatayo kuti adikire, nayonso ituluka.”

Mayi Makina anawerenga ndi zala pansi pa chikwama. Pamene ankazimitsa pulogalamu ija, panali patatsala zigawo ziwiri zokha kuti nkhaniyo ifike.

“Ituluka nthawi yanji?” anafunsa telala.