Kalata Yofunsa Mlingo wa Mankhwala

Ndinalowa sukulu ya unamwino ndili ndi zaka 31, nditagwira ntchito yoyala mabedi pa loji ina ku Senga Bay kwa zaka zisanu ndi ziwiri. M'kalasi mwathu ndinali wamkulu pa onse. Anzanga ankanditchula kuti asisi, ndipo ulemu umenewo unkanditseka pakamwa. Iwo anali atangochoka kusekondale, masamu akadali m'mutu, pomwe ine ndinali nditawasiya kalekale. Aphunzitsi akafunsa ngati tamva, ndinkagwedeza mutu limodzi ndi onse.

M'chaka chachiwiri anatitumiza ophunzira asanu ndi mmodzi kukaphunzira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha mbali ya ku Lifuwu. Ntchito yamanja sinkandivuta. Kuyeza ana pa sikelo, kutsuka bala, kutonthoza mayi amene mwana wake watentha thupi, zonsezi ndinkazichita bwino. Chinkandiopsa chinali mayeso owerengera mlingo wa mankhwala, amene tinkayenera kukalemba tikangobwerera kusukulu. Wolephera ankabwereza, ndipo sankaloledwa kupereka mankhwala mu wodi mpaka atakhoza.

Ndinkagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa ku Chitala, wazaka 20, amene ankakhala nambala wani pa mayeso alionse. Analibe matama. Aphunzitsi athu a za mankhwala atatipatsa pepala la mafunso okonzekera, iye anawayankha onse tsiku limodzi, nkujambula mayankhowo, nkuwaika pa gulu lathu la pa foni kuti athandize ena. Kalasi yonse inayamba kuwaloweza.

Ine ndinkawerengera ndekha masana, pa benchi ya kuseri kwa wodi, moyang'anana ndi minda ya mpunga. Pa mafunso khumi, mayankho anga anasiyana ndi ake pa awiri. Ndinabwereza katatu, koma manambala ankatuluka omwe aja.

"Taona apa," ndinamuuza tsiku lina tikuchapa mayunifolomu. "Pa funso lachinayi ine ndikupeza mamililita 4. Iwe walemba 16."

Anasuzumira pepalalo manja ali ndi thovu. "Asisi, mwadumpha penapake. Ingotsatani mmene ndalemberamo, simulakwa."

Ndinamukhulupirira, chifukwa iye sankalakwa. Koma mtima sunakhazikike. Sabata yomweyo ndinali nditamwetsa mwana mankhwala amadzi, asisitala akundiyang'anira, ndipo ndinkadziwa mmene mamililita asanu amadzazira kasupuni. Mamililita 16 kwa mwana wa makilogalamu khumi, kanayi pa tsiku, ankandionekera ochuluka.

Ndinawafotokozera asisitala oyang'anira chipatalacho, mayi wachikulire wosachedwa kulankhula zoona. Anali pakati pa mzere wa amayi a sikelo.

"Ine ndikhoza kukuuzani yankho pompano," anatero, "koma mawa mudzakumana ndi funso lina ine kulibe. Alembereni aphunzitsi anu. Muwaonetse mmene mwayendera, sitepe iliyonse, kuti aone pamene mukupunthwa. Galimoto ya kusukulu kwanu ikubwera Lachiwiri."

Ndinang'amba pepala pakati pa kope. Kalatayo ndinailemba katatu, ndipo yomalizayo inali yotere:

"Madamu, ndikupepesa kukutayitsani nthawi. Ndakhala ndikuvomera m'kalasi kuti ndamva pomwe sindinamve, ndipo tsopano mayeso ayandikira. Ndikupempha kuti mundiunikire pa mafunso awiri.

"Funso lachinayi likuti mwana wa makilogalamu 10 alandire erythromycin, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, ogawidwa kanayi. Botolo lili ndi mamiligalamu 125 mu mamililita 5. Ine ndachulukitsa 40 ndi 10, ndapeza 400. Ndagawa kanayi, ndapeza 100. Ndagawa 100 ndi 125 nkuchulukitsa ndi 5, ndapeza mamililita 4. Anzanga akupeza 16.

"Funso lachisanu ndi chiwiri likuti mwana wa makilogalamu 8 abayidwe gentamicin, mamiligalamu 7.5 pa kilogalamu iliyonse, kamodzi pa tsiku. Kabotolo kalembedwa mamiligalamu 80 mu mamililita 2. Ndapeza mamiligalamu 60, ndagawa ndi 80, ndapeza mamililita 0.75. Anzanga akupeza 1.5.

"Sindikudziwa pamene ndikusokoneza. Sindikuopa kulephera mayeso kokha. Ndikuopa kudzamwetsa mwana wa munthu mlingo wolakwika ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndakhoza."

Ndinaipereka kwa adalaivala Lachiwiri m'mawa. Masana ake ndinamuuza mnzanga uja, poona kuti si bwino akamve kwa ena. Nkhope yake inagwa.

"Ndiye mwakandinenera kwa Madamu?"

"Sindinatchule dzina lako."

"Kalasi yonse ikudziwa amene analemba mayankho aja. Ine ndimafuna kuthandiza, asisi."

Masiku awiri otsatira tinkangopatsana moni. Ankapita yekha kumsika kukagula usipa ndi tomato, pomwe kale tinkapitira limodzi. Ndinayamba kudziimba mlandu. Ndinkaganiza kuti Madamu akangowerenga aona kuti mayi wamkuluyu sukulu yamukulira, ndipo ndidzakhala nditataya mnzanga popanda phindu.

Yankho la kalata silinabwere. M'malo mwake anabwera Madamu eni ake. Lachisanu cha m'ma 10 koloko tinangoona kabaza akuima pachipata, Madamu akutsika, fumbi lili mbuu m'nsapato, chikwama chachikulu chili m'manja. Tsiku lawo lotiyendera linali sabata yotsatira, koma anakwera minibasi mpaka pa boma la Salima, nkupitiriza ulendo. Anali mayi wamfupi, wa mawu otsika, amene anagwira ntchito mu wodi ya ana zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa.

Odwala atachepa, anatisonkhanitsa tonse asanu ndi mmodzi pakhonde. Anatulutsa mabotolo opanda kanthu, masirinji, ndi kapu ya madzi.

"Ndalandira kalata," anatero. "Mwini wake adziulula yekha akafuna. Tiyambe ndi funso lachinayi. Amene wapeza 16 aimike dzanja."

Manja asanu anakwera. Anapatsa mnzanga uja sirinji yaikulu ndi kumuuza kuti akoke madzi okwana mamililita 16, awathire m'kakapu ka mankhwala. Atathira, Madamu anakakweza m'mwamba.

"Mwana wa makilogalamu khumi ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mukumumwetsa izi kanayi pa tsiku. Tawerenganinso funsolo mokweza, pang'onopang'ono."

Mnzangayo anawerenga. Atafika pa mawu akuti "pa tsiku, ogawidwa kanayi," anaima. Anabwerezanso chamumtima, nkugwira pakamwa.

"Sindinagawe," anatero.

"Masamu anu ndi olondola," anatero Madamu. "Mamiligalamu 400 ndi mamililita 16, zoona. Koma umenewo ndi mlingo wa tsiku lonse. Mukaupereka nthawi iliyonse, mwanayo walandira mankhwala a masiku anayi pa tsiku limodzi. Musanagwire cholembera, dzifunseni: nambala iyi ndi ya tsiku lonse, kapena ya nthawi imodzi? Yankho ndi mamililita 4."

Sindibisa, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Sichinakhalitse.

"Funso lachisanu ndi chiwiri. Amene wapeza 0.75?"

Ndinaimika dzanja ndekhandekha. Anandipatsa kabotolo ka gentamicin kopanda kanthu, nati ndiwerenge zolembedwapo.

"Mamiligalamu 80 mu mamililita 2."

"Theka la 80 ndi chiyani?"

"40."

"Ndiye mamiligalamu 40 ali mu mamililita angati?"

"Mililita imodzi."

"Inu mukufuna 60. Ndi ochuluka kapena ochepa kuposa 40?"

Pamenepo ndinaona. Ngati 40 akudzaza mililita imodzi, 60 sangakwane mu 0.75. Ndinali nditagawa 60 ndi 80 nkulekera pomwepo, osachulukitsa ndi mamililita awiri aja. Mwana wa m'funsolo akanalandira theka la mankhwala, matenda nkumapitirira, ife nkumadabwa kuti bwanji sakuchira.

"Pa funso lachinayi munakumbukira kuchulukitsa ndi 5," anatero Madamu. "Apa mwaiwala 2 chifukwa mumaganiza kuti kabotolo kalikonse ka jakisoni ndi mililita imodzi. Lamulo ndi limodzi lomwe lija: zimene mukufuna, gawani ndi zimene zili m'botolo, chulukitsani ndi madzi amene zasungunukamo. Ndipo musanawerengere, yambani mwayerekeza kuti yankho likhala pati. Likatuluka kutali ndi pamenepo, imani."

Anatembenukira kwa mnzanga uja, amene anali atangowerama. "Inu munakhoza ili. Bwerani muwaonetse asisi anu pa sirinji."

Anabwera, nakoka madzi mpaka pa mzere wa pakati pa 1 ndi 2, nandipatsa osandiyang'ana. Kenaka ananong'ona kuti, "Tonse tapha mmodzi mmodzi." Ndinalephera kudziletsa, ndinaseka, iyenso anaseka misozi ili m'maso.

Madamu sanaseke, koma sanakalipe. "Ana a papepala amadzuka," anatero. "Nchifukwa chake timalakwitsira pano. Mu wodi, mlingo wa mwana muziwerengera anthu awiri, aliyense payekha, kenaka nkufananitsa. Wina asaone yankho la mnzake asanapeze lake."

Anakhala nafe mpaka dzuwa litapendeka. Anatipatsa mafunso atsopano, ena a madontho a diripi, ena osintha magalamu kukhala mamiligalamu. Anauzanso mnzangayo kuti akonze yankho lija pa gulu la pa foni, afotokoze chimene chinalakwika. Anachita zimenezo tsiku lomwelo, m'dzina lake. Ndikudziwa kuti sizinali zophweka kwa iye.

Powaperekeza kukakwera kabaza, ndinawapepesa chifukwa cha ulendo umene ndinawayendetsa.

"Mukanangolemba kuti simukumva masamu, ndikanakuyankhani pa foni kuti muwerenge kwambiri," anatero. "Koma munandionetsa njira yanu yonse, ndipo ndinaonamo kuti kalasi yathunthu ikuloweza 16. Mawa ndipita kwa anzanu amene ali zipatala zina."

Masabata awiri otsalawo tinkawerengera limodzi ndi mnzangayo tikaweruka, aliyense atatembenukira kwake. Iye anandiphunzitsa kufupikitsa manambala ndisanagawe. Ine ndinkamukakamiza kuwerenga funso kawiri ndi kudula mzere pansi pa mawu akuti "pa tsiku." Tinkakanganabe, koma tsopano tinkatenga sirinji ndi madzi kuti zitiweruze.

Tsiku la mayeso linafika. Funso lachitatu linali la jakisoni. Ndinayerekeza kaye kuti yankho likhala pakati pa mililita imodzi ndi awiri, ndinawerengera, ndipo linagwera pomwepo. Kuchokera apo ndinachita chimodzimodzi pa funso lililonse. Ndinamaliza mochedwa kuposa onse, woyang'anira ataima kale pambali panga.

Zotsatira zinatuluka patatha sabata. Ndinakhoza, ngakhale ndinaphonya funso limodzi la diripi. Mnzanga uja anakhoza onse. Madamu anatiitana awirife ku ofesi kwawo, natulutsa kalata ija mu kabati. Anandipempha ngati ndingalole kuti aziiwerengera ophunzira a chaka chotsatira asanayambe phunziro la mlingo.

"Palibe vuto, Madamu," ndinatero, "bola mufufute dzina langa."

"Dzina lokhalo," anatero mnzangayo. "16 uja musamuchotse. Muziwauza kuti analemba ndi munthu amene ankakhoza masamu."

Madamu anatenga cholembera chakuda, nafufuta dzina langa pamaso pathu, natiuza kuti tifulumire chifukwa kalasi ya za uchembere inali itayamba kale.