Olemba asanu, mfundo zisanu

Pepala lathu la sayansi ya makompyuta lidabwerako kwa oliunika mvula itangoyamba. Nthawiyo ndinkachita digiri yachiwiri, ndipo ntchito yanga inali yophunzitsa foni kuzindikira matenda a chimanga poona chithunzi cha tsamba. Wounika wina adadandaula ndi mawu oyamba, pomwe tidandandalika mfundo zisanu za zatsopano zimene pepalalo labweretsa. Adafunsa kuti mwa mfundo zisanuzo, chatsopano chenicheni n'chiti, ndipo umboni wake uli m'gawo liti.

Aphunzitsi ondiyang'anira adagamula kuti funso lotere silingayankhidwe mu ofesi. Olemba tonse tidakabindikira pa loji ina kumapiri a Ntchisi, galimoto itatitimira m'matope panjira.

Chimene wounikayo sankadziwa n'chakuti mfundozo zinali zisanu chifukwa olemba tinali asanu. Yanga inali ya zithunzi zomwe ndidajambula m'minda ya ku Dzoole, alangizi a zaulimi n'kulemba dzina la nthenda pa chilichonse. Mnzanga wa m'kalasi adachepetsa pulogalamu kuti izigwira m'foni yotsika mtengo popanda intaneti. Ya aphunzitsi inkati tabweretsa njira yatsopano, chonsecho njirayo tidaitenga kwa ena. Ya mayi wina wodziwa masamu inkangoti tidayesa zambiri. Yachisanu inali ya akulu a dipatimenti, amene pepalalo adaliona koyamba tili m'galimoto: ntchitoyi ikutsegula khomo la chitukuko cha dziko.

Mayi aja ndiwo adati mfundo iliyonse itchule gawo lomwe likuichitira umboni. Ya zithunzi idaloza gawo lachitatu, ya foni gawo lachinayi. Yawo adaifufuta okha, ati kuyesa si chinthu chatsopano, ndi umboni chabe. Zotsatira zake tiziphatikize ku mfundo ya foni. Aphunzitsi adalimbalimba mpaka nkhomaliro, kenako adavomera kuti tingotchula eni njirayo, mawu oti "yatsopano" achoke.

Titafika pa yachisanu, aliyense adayamba kuyang'ana laputopu yake.

"Bwana," ndidatero, "chitukukochi chili m'gawo liti?"

"Chili paliponse, mwana wanga," adayankha. "Kodi mchere m'ndiwo umauloza?"

Apo ndidakumbukira kuti mayeso anga omaliza ankadutsa pa tebulo lawo. Aphunzitsi ndiwo adandipulumutsa. Adati mawu olemera chotere sayenera kukhala pakhomo pa pepala, malo ake ndi kumathero, kumene owerenga amachoka nawo. Bwana adagwedeza mutu, n'kuitanitsa tiyi.

Pepala lidabwerera kwa oliunika ndi mfundo ziwiri, mayina asanu, ndipo lidalandiridwa. Pamsonkhano wa dipatimenti bwana adaimirira kufotokoza zomwe kafukufukuyu wapeza. Adatsegula tsamba lomaliza, n'kuwerenga chiganizo chawo chija pang'onopang'ono. Tonse tidaomba m'manja, ine kuposa ena.