Geti yathu pa khoma la eni

Alamu anga amawotcherera mageti ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu momwe owotcherera andandana khomo ndi khomo. Chaka chomwe ndinalibe ntchito anandibwereka foni yawo yabwino kuti ndiziwatsatsira malonda. Pangano linali lakuti zikakanika, foni ibwerera, ine ndikagwira galayinda yosalazira zitsulo pa ntchito yawoyo.

Tsiku lojambula vidiyo anakana kuimika geti pa khoma lathu, ati lada ndi utsi. Anaikokera pa khoma la buluu la wowotcherera mnzawo woyandikana nawo, lomwe linali litangopakidwa penti. Nambala ya foni yawo inayo anakananso kuti ndiilembe pa chithunzi chenicheni, ati iwononga maluwa a geti. Ndinailemba m'mawu a m'munsi mwa vidiyo pamodzi ndi linki ya tsamba lathu la pa intaneti, n'kutumiza m'magulu a pafoni.

Patapita masiku anandiitana.

"Iwe, ni bangati batuma vidiyo ija kuli banzao?"

Ndinawauza kuti zimene anthu amatumizirana m'mauthenga awoawo sizioneka. Timangotsata mapazi. Pa tsamba pathu panali alendo amene makina owerengera alendo sankadziwa kochokera, koma onse akufikira pa adiresi yaitali imene ngakhale wamisala sangailembe pamanja. Amenewo anachita kutumiziridwa linki. Komanso vidiyo inali itandibwerera kuchokera kwa azakhali a ku Chazanga ili ndi kachizindikiro koti yatumizidwa kambirimbiri.

"Kambiri ni zingati?"

"Sikakamba, ba mulamu. Kaonetsa chabe ati yapita mu manja yambiri."

"Manje bali kuti bantu? Foni yanga siilila."

Apo pokha ananena zoona, ndipo zinandiwawa. Ndinayamba kufunsa aliyense wofika kuti wamva kuti za ife, koma ofikawo anali ochepa, ndipo ambiri ankangofuna kuwotcheretsa mbaula. Alamu nawo ankandiyang'ana ngati ndadya ndiwo za alendo.

Loweruka lina anati ndibweze foni. Ndikuchotsa zithunzi zanga, ndinaona mayi wina akutsika basi, maso pa foni, maso pa makoma. Anatidutsa n'kukaima kwa oyandikana nawo aja. Ndinamutsatira n'kupempha kuti ndione. Inali vidiyo yanga, yosaoneka bwino chifukwa chotumizidwatumizidwa, yopanda nambala, yopanda linki. Wina anaisunga m'foni n'kuitumizanso payokha, mawu a m'munsi n'kutsala m'njira. Chotsala chosonyeza malo chinali khoma la buluu.

Mwini khomalo, wosadziwa kanthu, anandiuza akuseka kuti mwezi wonse anthu akhala akubwera ndi kavidiyo komweko, ena mpaka a ku Chunga. Kumbuyo kwake kunali mageti atsopano amene anthuwo anamuwotcheretsa, maluwa ake ofanana ndendende ndi athu.

Ndinakawakoka alamu pa mkono.

"Mwenze kufuna nambala ya bantu. Pendani mageti aya."

Anayang'ana mageti aja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Manje iwe, unalekelela bwanji nijambulile pa khoma ya bene?"

Foni anatengabe.