Makilo Khumi ndi Asanu, Basi

Ndakhala ndikukonza njinga ku Ndirande zaka zoposa makumi anayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma nambala yolembedwa pa katundu ndimaiwerenga, ndipo ndimaikhulupirira kuposa pakamwa pa wogulitsa.

Mwana wanga wamkazi amagulitsa katundu wa kaunjika pa foni. Chaka chatha anabwera pa shedi yanga ndi chikuku choyendetsera mwana, chofiira, tayala limodzi likulira. Ndinalithira mafuta, linaleka. Kenako anandiwerengera zomwe analemba kuti anthu aone: chikuku chochokera kunja, cha mwana wobadwa lero mpaka wolowa sukulu, chonyamula kulemera kulikonse, choyenda msewu uliwonse, ngozi palibe.

"Ukugulitsa chikuku kapena lole?" ndinamufunsa.

"Ababa, malonda a pa foni ndi choncho. Mukanena zoona anthu amangodutsa."

Ndinachitembenuza. Kunsi kwa mpando kunali kansalu ka fakitale. Makilo khumi ndi asanu. Kuyambira miyezi isanu ndi umodzi. Ndinakankha choyedzamira: chinkapendekeka pang'ono, osagona chagada. Ndinaika thumba la mchenga la makilo omwewo, ndinaponda buleki pamtsetse wa kuseri kwa shedi. Matayala onse akumbuyo anagwira. Malamba asanu ankakumana pa chomangira chimodzi, ndipo chinkatseka bwino. Ndinamuuza kuti alembe zimenezo. Anati adzalemba. Sanalembe.

Lachisanu kunabwera banja la ku Chilomoni. Bambo wa suti, makiyi a galimoto akuzungulira pachala ngakhale anatsika minibasi ine ndikuona. Mayi anali ndi khanda kumsana, la milungu isanu ndi umodzi. Lamulungu linali la ubatizo, ndipo bamboyo ankafuna kulowa pageti la tchalitchi akukankha mwana ngati olemera a ku Namiwawa.

Mwana wanga anayamba ulaliki wake. Bamboyo ankangovomera ndi mutu, dzanja lili kale m'thumba. Mayiyo ndiye anatembenukira kwa ine.

"Agogo, inu mwachikonza. Mwanayu angakwere?"

Mwana wanga anandiponda phazi. Phazi limenelo lagweredwa ndi mahamala ambiri, silimva.

"Ayi," ndinatero. "Mpandowu sugona. Khosi la khanda silinalimbe. Mutu ukagwera pachifuwa mpweya umavuta, ndipo khanda silikuuzani. Dikirani akwanitse miyezi isanu ndi umodzi, azikhala yekha mutu uli chilili."

"Koma pa foni analemba kuti wobadwa lero," anatero bamboyo.

"Foni sinachipange chikukuchi."

"Tiikamo pilo, madala."

"Pilo ndi khanda m'chikuku sizikhalira limodzi."

Anandifunsa kuti chidzafika naye zaka zingati. Ndinati ana ambiri amafika makilo amenewo cha m'zaka zitatu, koma asawerenge zaka, awerenge khadi la ku sikelo. Likadutsa khumi ndi asanu, mwana atsike. Ndinawaonetsa kachitsulo kam'mbali kamene kayenera kulira kuti kha! mukachitambasula, apo ayi chipindika mwana ali momwemo. Malamba amangidwe ulendo uliwonse, ngakhale wopita pa okala. Mukaima, buleki. Chikwama osakoleka pa chogwirira, chikuku chimagwa chagada. Matayala ndi aang'ono, a pa simenti ndi pa tala. M'makwalala mwathu mwa miyala ndi ngalande, mwana anyamulidwe.

"Nanga ndi chotetezeka?" anafunsa bamboyo, mawu atakwera.

"Buleki ndayesa, malamba ndayesa. Zomwe chinaona kwa mwini wake woyamba sindikuzidziwa. Sindingalumbire pa zomwe sindinaone."

"Ndiye chabwino chake n'chiyani?"

"N'chofiira," anatero mwana wanga motsitsa mawu. Ulaliki wonse unatsala pamenepo.

Bamboyo anati kutauni kuli ogulitsa odziwa kulankhula ndi makasitomala. Ndinati alipodi, ndipo angamuuzenso kuti chimaphika tiyi. Ananyamuka. Mkazi wake sanasunthe. Anagwada, anawerenga kansalu kaja yekha, chala chikutsata manambala, anamanga malamba n'kumasula kawiri.

"Tigula," anatero. "Koma akwera mwezi wa Okutobala. Lamulungu ali kumsana kwanga."

"Ndiye anthu aona chiyani? Ndawauza kale onse!"

"Aona chikuku, bambo ake mwana. Si chimene mukufuna?"

Lolemba mwana wanga anabwera ndi foni, osandipatsa moni, n'kundionetsa chithunzi chomwe mayi uja anatumiza. Pageti la tchalitchi, bambo wa suti akukankha chikuku chofiira, chifuwa patsogolo. Pampando panali thumba la matewera, lomangidwa malamba onse asanu. Khanda linali kumbuyo, m'chitenje, kumsana kwa amake, likugona.

"Mwaona manyazi amene mwachititsa munthu?" anatero mwana wanga.

Ndinayang'anitsitsa chithunzicho. Thumbalo silinkafika makilo khumi ndi asanu. Ndinamubwezera foni, ndinapitiriza kumata chubu.