Udzudzu wa pakhoma la Zefaniya

Esitere ankasesa pachipatala chaching'ono cha mishoni kufupi ndi Bembeke. Sukulu adalekeza sitandade 4, koma maso ake adali akuthwa ngati a nkhuku yoona chiswe. Pakhoma lomwe ankapukuta tsiku ndi tsiku padali zithunzi za udzudzu, ndipo adaziloweza.

Mwamuna wake, Zefaniya, adatsikira ku Golomoti mu 1978 kukaphikira mzungu wa zaulimi. Esitere adatsala kumapiri ali ndi pakati poyamba, ndipo adamusowa mwamunayo koopsa. Akamapalira mbatata ankangoyang'ana kumunsi, kotentha kuja. Pofuna kumutsatira, khadi la chipani adagula msanga kuti asadzamubweze pokwera basi, zovala n'kumangiratu mumpango.

Chomuletsa chidali chimodzi: bambo ake, a Vinsenti. Iwo adagwirapo ntchito pachipatala chomwecho mpaka maso adachita khungu, ndipo ankati munthu wokulira kozizira, makamaka woyembekezera, malungo akuchigwa samunyengerera. Adalamula kuti mkamwini ayambe waonetsa udzudzu wa m'nyumba mwake. Iwo ankayesa kuti zimenezi sizingatheke.

Koma chikondi chilibe manyazi. Zefaniya adachonderera bwana wake, yemwe adali ndi kamera yojambula tizilombo ta m'thonje, mpaka adajambula udzudzu uli pakhoma la kuchipinda. M'kalata adalemba monyada kuti kanthuko n'koonda, sikalira m'khutu n'komwe, ndiye kangaphe ndani? Munthu wa Mulungu ankaganiza kuti udzudzu woopsa ndi waphokoso.

Esitere adatsegula kalatayo pakhonde, bambo ake ali pambali. Chithunzi chidali choyera bwino, mwendo uliwonse ukuoneka. Udzudzu wamba ukatera, thupi limalingana ndi khoma, msana utapindika pang'ono. Uwu ayi. Udazyolika, mutu kukhoma, mchira m'mwamba, mlomo ndi thupi zili mzere umodzi ngati msomali wokhomedwa mopendeka. Umu ndi mmene udzudzu wa malungo unkaterera pazithunzi za kuchipatala zija. Adatembenuza chithunzicho uku ndi uku, koma khoma linkatembenuka nawo limodzi.

"Maso anga ndiwe," adatero a Vinsenti. "Wakhala bwanji?"

Padalibe wina woona. Akadangoti wagona, Loweruka akadakwera basi, Lamulungu n'kukhala akudya mbale imodzi ndi Zefaniya. Mtima udamuwawa, ndipo adakwiya nawo bambo akewo chifukwa chomukhulupirira chotere. Adagwira pamimba pake kanthawi.

"Wazyolika, bambo."

A Vinsenti adangofufuza dzanja la mwana wawo n'kuligwira.

Madzulo ake Esitere adamasula mpango uja, nabweza zovala m'sutikesi. Kenaka adakhala pansi kuyankha kalata. Adalemba kuti Zefaniya agule neti, azimwa mankhwala thupi likangotentha, ndipo abwere pa Khirisimasi kudzaona mwana. Pomaliza adaonjeza kuti: "Ulendo wina bwana wanuyo akajambule inuyo. Chithunzi chanu ndilibe, chomwe ndili nacho n'cha udzudzu wogona nanu m'chipinda."